Kodi mabakiteriya amasiya kumva mankhwala chifukwa chosiyira panjira kapena chifukwa chomwa pafupipafupi?

Nachisale: Anzanga pagulu pano ndithandizeni pali chinthu chikundizunguza mutu. Kuchipatala akatipatsa maantibayotiki amati malizani onse olo mupeze bwino, mukasiyira panjira tizilombo tidzasiya kumva mankhwala. Anthu omwewonso amati musamamwe maantibayotiki pafupipafupi chifukwa tizilombo tidzasiya kumva mankhwala. Nde chenicheni nchiti, vuto ndi kumwa ochepa kapena kumwa ambiri?? Ine ndikuona ngati akudzitsutsa okha

Bambo a Yankho: Palibe kudzitsutsa apo mayi. Nkhani ndi yoti thupi limazolowera. Ukamamwa amokisilini kawirikawiri magazi ako amamuzolowera nde tsiku lomwe wadwaladi sagwiranso. Ukasiyira panjira tizilombo totsalato timakhala taphunzira mankhwalawo, tikadzuka timadzuka taukali. Zonse ziwiri nzoona

Mbewe: Bambo a Yankho mwalasa theka. Zoti zonse ziwiri zimabweretsa vuto nzoona koma thupi silizolowera ayi, amene amasintha ndi mabakiteriya. Umboni wake ndi woti mwana wongobadwa kumene yemwe sanalawepo kapisozi ndi mmodzi yemwe amatha kudwala matenda osamva mankhwala, chifukwa watengera bakiteriya wotero kwa munthu wina. Zikanakhala za magazi kuzolowera zimenezi sizikanachitika. Ine ndimagwira ntchito mu labu, timawadzala mabakiteriyawa m'timbale nkuwaikira mankhwala, thupi la munthu palibepo pamenepo koma ena amafa ena osafa.

Zophunzirazonso ndikukana pang'ono. Bakiteriya saphunzira. Amagawikana pawiri kuti achulukane, ndipo pogawikanapo amakopera malangizo ake a chibadwa, nde nthawi zina kukoperako kumalakwika penapake. Zolakwika zambiri zimamupha kapena zilibe ntchito, koma mwa mamiliyoni mmodzi amapezeka kuti cholakwikacho chasintha malo omwe mankhwala amagwira. Ameneyo amakhalapo kale mankhwala asanabwere nkomwe. Akatswiri a sayansi a Luria ndi a Delbrück anaonetsa zimenezi mu 1943, kuti kusinthako kumachitika mwangozi, bakiteriya asanakumane ndi chomupha. Mankhwala ntchito yake ndi kungopha anzake onse nkumusiyira malo.

Nachisale: Mmodzi yekhayo angatani koma a Mbewe, si thupi lingamuphe lokha?

Mbewe: Nthawi zambiri limamuphadi, nchifukwa chake sikuti aliyense womwa mankhwala amathera m'mavuto. Koma taonani liwiro lake. Bakiteriya wa m'matumbo uja timamutcha ikolai, zinthu zikamuyendera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse. Mmodzi akhala awiri, awiri anayi, pomatha maola 7 apitirira 2 miliyoni. M'thupi sathamanga choncho chifukwa amalimbirana chakudya ndi malo ndi mabakiteriya ena ambirimbiri. Anzakewo ndi amene amamupanikiza. Zili ngati munda womwe mwapoperamo mankhwala a udzu, udzu wonse wafa kupatula mtundu umodzi wosamva, mukabwerako mupeza mtundu umenewo wadzadza munda wonse poti palibenso woupinga. Inu simunaulenge udzuwo, mwangoulambulira.

Kamtedza: Ine zonsezi sindizikhulupirira. Mankhwala a masiku ano ndi ofooka basi, ambiri ndi achinyengo, nde akalephera amatinamizira ife kuti sitinamalize. Makapisozi a kale unkamwa awiri chimfine nkutheratu

Nangozo: A Kamtedza chimfinecho chikanatha chokha olo mukanapanda kumwa kalikonse kkkk. Ndine nesi, anthu onena ngati inuyo ndimakumana nawo daile

Mbewe: Mankhwala achinyengo alipodi a Kamtedza, ndipo omwe ali ndi mphamvu yochepa amakulitsa vuto lomweli, tifikako. Koma pa chimfine a Nangozo akunena zoona. Chimfine chimayamba ndi mavairasi. Amokisilini amagwira ntchito poletsa bakiteriya kumanga chikhungwa chake chakunja, bakiteriya akamakula opanda chikhungwa cholimba amaphulika. Vairasi alibe chikhungwa chimenecho, nde mankhwalawo alibe pogwira. Mwamwa lachiwiri, lachisanu mwapeza bwino, mukuti makapisozi agwira pomwe thupi lanu ndi lomwe lagwira ntchito.

Koma kapisoziyo sanangodutsa. M'matumbo mwanu, pakhungu, kukhosi, m'mphuno muli mabakiteriya osawerengeka omwe mumakhala nawo mwamtendere. Mankhwala sadziwa kuti mwawamwera chifuwa, amazungulira thupi lonse ndipo akafika m'matumbo amapha omwe amamva nkusiya osamva. Nde vairasi sanakhudzidwe, koma m'mimba mwanu mwachitika chisankho. Apa nde pagona vuto la kumwa mosafunikira, phindu ziro koma kusankhako kwachitika ndithu.

Mayi a Pemphero: Mwandikumbutsa zanga. Ine chifuwa chikangoyamba ndinkamwa amokisilini masiku awiri atatu, ndikapeza bwino otsalawo ndikusunga kudikira ulendo wina, ana akatsokomola ndimawagawirako. Chaka chatha ndinayamba kumva kuotcha pokodza, kupita kubafa pafupipafupi, ndinamwa omwewo osasintha, kuchipatala anandipatsa bakitirimu osasinthanso mpaka msana unayamba kuwawa mbali imodzi ndi kutentha thupi. Anatenga mkodzo kupita nawo ku labu, pepala linabwera lolembedwa E. coli, ikolai uja, kenako mndandanda wa mankhwala, ambiri pambali pake panali R, ochepa S. Anandibaya majakisoni kenako ndinachira. Chomwe sindimvetsa mpaka lero, chifuwa chikugwirizana bwanji ndi chikhodzodzo? Komanso bakitirimu ndinali ndisanamwepo zaka zambiri, nanga anakanika bwanji

Bambo a Yankho: Mwaona nde zomwe ndimanena zija, thupi linazolowera

Mbewe: Ayi bambo, nkhani ya mayiwa ikutsutsa zimenezo, poti bakitirimu sankamwa. Mayi a Pemphero tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono.

Matenda a chikhodzodzo ambiri amayamba ndi ikolai wochokera m'matumbo mwa mwini wakeyo. M'matumbo ndi kwawo sakuvutani, koma akasochera nkulowa njira ya mkodzo amayambitsa kuotcha kuja, ndipo akakwera mpaka ku impso ndi pomwe msana umawawa mbali imodzi thupi nkutentha. Kwa amayi njirayo ndi yaifupi nchifukwa chake zimawachitikira kwambiri. Tsono ulendo uliwonse womwe munkamwa amokisilini wa chifuwa, ikolai womva mankhwala ankachepa m'matumbo, wosamva nkumachuluka. Tsiku lomwe mmodzi anasochera mpata unali waukulu kuti akhala wa gulu losamvalo. Kugwirizana kwa chifuwa ndi chikhodzodzo nkumeneko, zimakumana m'matumbo.

Ikolai wosamva amokisilini nthawi zambiri amatulutsa kemikolo yotchedwa bitalakitamezi yomwe imadula mankhwalawo asanafike pa chikhungwa. Malangizo opangira kemikolo imeneyi kawirikawiri sakhala pa chibadwa chake chenicheni, amakhala pa kachingwe kapadera kozungulira komwe timati pulazimidi. Kachingwe kameneka mabakiteriya amapatsirana, awiri amagundana wina nkukopera mnzake, olo akhale a mitundu yosiyana. Madokotala a ku Japan ndi amene anazitulukira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pa matenda a kamwazi, anadabwa kuona tizilombo tikukana mankhwala anayi nthawi imodzi. Ndipo yankho la funso lanu lachiwiri lili pomwepo. Pulazimidi imodzi imatha kunyamula malangizo okanira amokisilini, okanira bakitirimu, ndi ena, zonse mtolo umodzi. Mukamwa amokisilini mwapulumutsa bakiteriya wonyamula mtolowo, nde bakitirimu wafera limodzi ngakhale simunamugwire.

Mayi a Pemphero: Eeh nde ndinadzipangira ndekha eti

Mbewe: Sindinganene choncho motsimikiza mayi. Mwina munamutengera kwa wina kudzera m'manja kapena m'madzi ali wosamva kale, zimenezo pepala la ku labu silinena. Chomwe tingati nchoti makapisozi aja anamupatsa malo oti achulukane. Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2010 mu magazini ya madokotala ya BMJ anasonkhanitsa zotsatira za malo ambiri, anapeza kuti munthu akamwa maantibayotiki mpata wopezeka ndi bakiteriya wosamva umakwera kwambiri mwezi woyamba, ndipo umatha kukhalabe wokwera mpaka miyezi 12. Nde wina womwa katatu kanayi pachaka m'mimba mwake simupuma.

Dalo: Achimwene a Mbewe R ndi S zija mumazipeza bwanji, mumaona pa maikulosikopu?

Mbewe: Ayi mphwanga, pa maikulosikopu womva ndi wosamva amaoneka chimodzimodzi. Timadzala mkodzo pa kambale kokhala ndi chakudya cha mabakiteriya, nkuika mofunda ngati kutentha kwa thupi usiku wonse. Mawa lake tikaona chomwe chamera timachipaka pa kambale kena ponseponse, pamwamba nkuikapo timapepala tozungulira, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala ake. Usiku wina. Kukacha ngati mankhwala akugwira, kuzungulira kapepalako pamakhala bwalo loyera pomwe sipanamere kanthu, timaliyeza ndi rula mamilimita nkufananiza ndi tebulo. Bwalo lalikulu ndi S, akumva. Akamera mpaka kukhudza kapepala ndi R, sakumva. Nchifukwa chake zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu, sikuti ndi ulesi wathu, timadikira kuti amere

Nachisale: Chabwino za kumwa mosafunikira ndamva bwinobwino. Koma funso langa lija theka lake likadalipo. Ngati tsiku lililonse lomwe ndamwa mankhwala ndikulambulira osamvawo, si ndiye kuti kusiya msanga nkwabwino? Wamasiku atatu walambula pang'ono kuposa wamasiku 7

Nangozo: Apa ndilowererepo chifukwa ine ndakhala nthawi yaitali ku mbali ya TB ndipo kumeneko kusiyira panjira ndi imfa, osati nthabwala. Mankhwala a TB ndi miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi, rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo, miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri yoyambayo. Munthu akamwa masabata angapo chifuwa chimachepa, thukuta la usiku latha, wayamba kudya, nde amati ndachira. Koma tizilombo ta TB sitili tofanana m'mapapomo, tina timachulukana msanga ndipo timafa msanga, tina timakhala ngati tagona ndipo mankhwala amatipeza movutikira. Miyezi inayi ija ndi ya togonato. Akasiya timadzuka. Ndiye amabweranso, kuyambiranso, kusiyanso, wina amasankha kumwa theka chifukwa akuti akumuchititsa nseru. Kachitatu makhololo akapita ku makina zotsatira zimabwera kuti rifampisini sakugwiranso. Ndawaona ndi maso anga anthu otere

Dalo: Koma bwanji mitundu inayi nthawi imodzi anesi, umodzi wamphamvu sungakwane?

Mbewe: Ndi masamu mphwanga. Mwa tizilombo ta TB pafupifupi 1 miliyoni, kamodzi kamakhala kosamva aisoniyazidi mwachibadwa. Kwa rifampisini ndi kamodzi mwa pafupifupi 100 miliyoni. Tsono bowo limodzi m'mapapo a wodwala kwambiri limatha kusunga tizilombo 100 miliyoni kapena kuposa. Ndiye kuti tsiku loyamba asanamwe kalikonse ali kale ndi pafupifupi 100 tosamva aisoniyazidi, ndi kamodzi kapena tiwiri tosamva rifampisini. Mukampatsa aisoniyazidi yekha, 100 tija titsala nkudzadzanso bowolo. Zinachitikadi m'zaka za m'ma 1940 pomwe sitireputomaisini anali yekha, odwala ankayamba kupeza bwino kenako pakapita miyezi yochepa mankhwala osagwiranso. Koma kuti kachilombo kamodzi kakhale kosamva onse awiri nthawi imodzi mumachulukitsa manambala aja, 1 wotsatana ndi maziro 14, ndipo munthu sakhala ndi tizilombo tochuluka choncho. Kosamva uyu kamaphedwa ndi winayo.

Nde chomwe chimachitika kwa womwa modumphadumpha kapena wosankha mapilisi nchoti nthawi zina m'mapapo mumakhala mtundu umodzi wokha womwe uli ndi mphamvu yokwanira. Pamenepo wabwerera ku zaka za m'ma 1940 zija. Tosamva aisoniyazidi tichuluka kufika mamiliyoni mazanamazana, ndipo mwa mamiliyoni amenewo tsopano kupeza kosamvanso rifampisini sikovuta. Masitepe awiri, osati kulumpha kamodzi. Nchifukwa chake masiku ano mitundu inayi ija amaiphatikiza m'pilisi limodzi kuti munthu asathe kusankha.

Nangozo: Eya, ndipo ikafika poti onse awiri sakugwira, kale kunali kumwa mankhwala miyezi 18 mpaka 24 ndi majakisoni omwe ena ankagontha nawo makutu. Pano zinapepukako, bungwe la WHO mu 2022 linavomereza njira ya miyezi 6 ya mapilisi okhaokha yokhala ndi bedakwilini kwa odwala ambiri. Koma ameneyonso tikamuseweretsa apita. Ndipo munthu wotereyu akatsokomola mnyumba, mwana amatengera TB yosamva kale, iye sanalakwe kanthu

Bambo a Yankho: Basi nkhani yatha, malizani mankhwala nthawi zonse, mpaka pilisi lomaliza. Ine olo dokotala andiuze masiku asanu ndimapitiriza mpaka 10 kuti titheretu

Mbewe: Iii ayi bambo, pamenepo nde mwalowa mbali ina ya dzenje lomwelo. TB ndi nkhani yapadera chifukwa kachilombo komwe mukulimbana nako ndi komwe kamasinthira m'thupi mwanu momwemo mukumwa mankhwala. Matenda ambiri a tsiku ndi tsiku sali choncho. Pa chibayo wamba kapena chikhodzodzo, chiopsezo chachikulu cha kusamva sichili pa bakiteriya yemwe mukumuphayo, chili pa oonerera aja a m'matumbo ndi pakhungu. Masiku asanu owonjezerawo matenda anatha kale, mukungolambulira osamva. Nde a Nachisale funso lanu silopusa, madokotala enieni akukangana pa lomwelo. Mu 2017 gulu la akatswiri ku Britain linalemba mu BMJ kuti uthenga woti malizani nthawi zonse ulibe umboni wokwanira pa nkhani ya kusamva mankhwala, ndipo kafukufuku wambiri waonetsa kuti pa matenda angapo masiku ochepa amachiza chimodzimodzi ndi ambiri. Chibayo chosaopsa kwa akulu masiku asanu amakwana pomwe kale ankapereka 10 kapena kuposa.

Nangozo: A Mbewe zimenezo zoona koma ine uthenga umenewo ndimauopa pagulu ngati pano. Munthu amva kuti akatswiri akuti osamaliza, mawa wa TB wasiya. Kupeza bwino sikuchira. Kutentha thupi kumatsika mabakiteriya akangochepa, osati akatha

Mbewe: Sindikutsutsani achemwali. Kufupikitsako achite ndi wopereka mankhwala potengera matenda ake, osati wodwala potengera mmene wadzukira. Pali matenda omwe kufupikitsa nkoopsa zedi, TB, matenda a m'mafupa, a m'mavavu a mtima, mabakiteriya ena akalowa m'magazi. Ngakhale zilonda za kukhosi za bakiteriya wotchedwa sitirepu amapereka penisilini masiku 10 pofuna kuteteza mtima wa mwana. Ine chomwe ndikukana ndi chifukwa chomwe timauza anthu. Tizinena zoona, kuti ukasiya msanga choyamba matenda amabwerera, ukamwanso kachiwiri mwina amphamvu kuposa oyamba, nde m'malo mwa masiku asanu wamwa 12 ndipo m'matumbo mwalambulidwa kawiri. Chachiwiri otsala aja sataidwa, amakhala m'kabati kudikira chimfine cha mwana ngati mmene anenera Mayi a Pemphero. Kusamaliza kwa lero ndi komwe kumabala kumwa mosafunikira kwa mawa.

Nachisale: Apo nde zayamba kulumikizana. Ndiye kuti si ochepa kapena ambiri, koma

Kamtedza: Koma za mankhwala ofooka zija munati mufikako a Mbewe, mwazemba

Mbewe: Sindinazembe kkk. Pali kusiya msanga, palinso kumwa mofooka, ndipo chachiwirichi kwa ine ndi choipa kwambiri. Bakiteriya aliyense ali ndi mlingo wa mankhwala womwe ukafika amasiya kukula. Kusamva sikuti nthawi zonse ndi eya kapena ayi, pali ena osamva pang'ono, omwe dozi yokwana imawapha koma theka la dozi amapirira. Mukamwa mofooka mwaika mankhwala pakati, okwanira kupha ofooka koma osakwanira kupha opirirawo. Iwowo achuluka, mwa iwo mutuluka wina wopirira kuposa, sitepe ndi sitepe. Sipulofulokisasini, uja timati sipulo, amatayika motero, kusintha kumodzi kumakweza mlingo pang'ono, kwachiwiri kumakweza kwambiri.

Kumwa mofooka kumabwera m'njira zambiri. Kugawana dozi ya munthu mmodzi anthu awiri. Kupatsa mwana mongoyerekeza osamuyeza kulemera. Mankhwala achinyengo omwe mukunena a Kamtedza, okhala ndi mphamvu yochepa kuposa yolembedwa. Komanso kudumpha nthawi. Amokisilini satenga nthawi m'magazi, pakangotha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono theka lake impso zachotsa kale, ndipo amagwira bwino akakhala pamwamba pa mlingo uja nthawi yaitali. Akati katatu patsiku akutanthauza motalikana pafupifupi maola 8, osati atatu onse madzulo poti munaiwala. Alexander Fleming yemwe anatulukira penisilini mu 1928 anachenjeza zimenezi polandira mphoto ya Nobel mu 1945, kuti munthu womwa dozi yosakwana adzapangitsa tizilombo kusamva. Penisilini anali atangoyamba kumene kufala.

Kamtedza: Nde mwavomera kuti ndimanena zoona

Nangozo: Mwanena zoona pa chimodzi mwa zinayi a Kamtedza, musanyade kkkk

Dalo: Ine ndinamva kuti mamina akasanduka obiriwira kapena achikasu ndiye kuti ndi mabakiteriya tsopano, pamenepo nde uyenera kumwa. Zoona?

Nangozo: Bodza limenelo ndipo ndi lomwe limamalizitsa makapisozi ambiri. Mtunduwo umachokera ku maselo oyera a magazi omwe akumenya nkhondo, amabwera olo ndi vairasi. Chifuwa cha chimfine chimatha kukhala masabata awiri mpaka atatu chikuchepa pang'onopang'ono, si chizindikiro choti pakufunika maantibayotiki. Zomwe ife timayang'ana ndi zina, kupuma mothamanga kapena movutikira, mwana nthiti zikulowa mkati popuma, kutentha thupi kosatsika masiku angapo, kupweteka pachifuwa popuma, kapena munthu anayamba kupeza bwino kenako wabwerera mwamphamvu. Zimenezo thamangani akakuyezeni. Ndipo chifuwa chopitirira masabata awiri chokhala ndi kuonda ndi thukuta la usiku chimafuna kuyezetsa makhololo, osati amokisilini. Choipa china anthu otere amamwa sipulo, chifuwa chimachepako pang'ono chifukwa sipulo amagwirako TB, nde matenda abisala kuyezetsa kwachedwa, komanso mwampatsa TB mtundu umodzi wokha, masamu a a Mbewe aja

Nachisale: Nanga ngati ndayamba kale kumwa pa chimfine, masiku awiri, kenako ndazindikira kuti sizimafunika. Ndimalize poti ndayamba?

Bambo a Yankho: Mukayamba muyenera kumaliza, lamulo ndi limenelo

Mbewe: Ngati palibedi bakiteriya woti aphedwe, kumaliza sikuteteza chilichonse, mukungowonjezera masiku olambula. Ife m'chipatala zotsatira zikabwera kuti si mabakiteriya dokotala amaimitsa pompo, sanena kuti poti tayamba. Vuto ndi liu loti ngati. Ndani watsimikiza kuti ndi chimfine chabe? Ngati munadzigulira nokha pa mphuno yotuluka mamina ndi kuyetsemula, ine ndingati siyani ndipo otsalawo musasunge. Ngati anakulemberani atakuyezani, bwererani mukafunse musanasiye, mwina anamva china m'chifuwa chomwe inu simukudziwa.

Nangozo: Ine pamenepa ndisiyana nanu pang'ono, olo anadzigulira yekha ndingakonde aonedwe kaye. Anthu amati chimfine pa zinthu zambiri, wina amabwera akuti chimfine ukamuyeza mapapo mbali imodzi mwadzadza. Koma ndikudziwa mundiuza kuti si onse angapite kukaonedwa pa chimfine chilichonse

Mbewe: Ndikanatero ndithu kkk, tisiye pomwepo

Mayi a Pemphero: Funso lomaliza a Mbewe. Ikolai wosamva uja akadali m'mimba mwanga? Nanga ana ndi bambo awo, poti timakhala nyumba imodzi. Kapena pali mankhwala oti tonse timwe atheretu

Mbewe: Atha kukhalamo mayi, majakisoni anachotsa wa ku impso koma wa m'matumbo nthawi zambiri amatsala, ena miyezi ingapo ena kupitirira chaka. A m'nyumba imodzi amapatsiranadi, kudzera m'manja pochokera kuchimbudzi, posintha mwana thewera, pokonza chakudya. Koma kukhala naye m'matumbo si matenda, ndipo mankhwala omuchotsa musawafune, mungaphe anzake omwe akumupanikiza panopa iye nkutsala yekha. Mukapanda kumwa maantibayotiki nthawi yaitali omva aja nthawi zambiri amabwerera nkumuchepetsa, ngakhale sikuti zimatero kwa aliyense, mapulazimidi ena amakakamira. Sopo m'manja, ndipo pepala la R ndi S lija musataye. Kuotcha kukadzayambanso mukalionetse tsiku loyamba lomwelo, kuti asadzayambirenso pa bakitirimu, ndipo mupemphe atenge mkodzo musanamwe pilisi loyamba chifukwa mukamwa kaye nthawi zina pa kambale sipamera kanthu.

Mayi a Pemphero: Pepalalo ndili nalo, ndikalifufuza m'chikwama. Pa S panali dzina lalitali loyamba ndi N

Mbewe: Akhala naitirofulantoini ameneyo. Pa chikhodzodzo amagwira bwino chifukwa amasonkhana mu mkodzo, koma ku impso safika mokwanira, nchifukwa chake ulendo uja msana utayamba kuwawa anakubayani jakisoni m'malo mwake